Supageti wanga amangofewa n'kumatirana, ndikulakwitsa pati?

"Abale ndithandizeni. Ndikaphika supageti kapena makaroni amafewa kwambiri n'kugwirana chimulu, komanso sakoma ngakhale msuzi ukhale wabwino. Ndimatsatira mphindi zolembedwa papaketi. Madzi ndi mchere ndiziika wochuluka bwanji?"

Achemwali, ndikukayikira poto wanu poyamba. Ambiri timatenga kapoto kakang'ono, madzi ongokwana kumiza pasitayo, ndiye ufa umene umasungunuka kuchokera ku pasita umalimbitsa madziwo n'kukhala ngati guluu. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi uwu: pa magalamu 100 a pasita wouma, lita imodzi ya madzi ndi magalamu 10 a mchere. Ndiye paketi ya magalamu 500 ikufuna malita 5, ngakhale 4 amakwana poto akachepa. Pa malita 4 ikani mchere masupuni awiri aakulu osasefukira, ngati ndi mchere wosalala uja. Mukauona m'dzanja muchita mantha, koma wambiri umatayika ndi madzi pokhetsa. Ndipo pasita amamwa mchere pamene akupsa basi. Mukadzathira pambuyo umangokhala pamwamba, m'kati muli zii, n'chifukwa chake msuzi wanu wabwinowo ukulephera kumupulumutsa.

Tiyerekeze kuti paketi ya supageti yalemba mphindi 10. Dikirani madzi abwate kwenikweni, osati timathovu tapansi tija. Thirani mchere, ikani supageti osamuthyola, akafewa pang'ono mumukankhire yense m'madzi. Mphindi ziwiri zoyambirira musachoke pamoto, takasani kangapo, chifukwa ndi nthawi imeneyi pamene kunja kwake kumakhala konanda ndipo timizere timagwirana. Chivundikiro chithandize kuti madzi abwatenso msanga, kenaka chichotseni, apo ayi thovu lisefukira.

Ikakwana mphindi ya 8 vuulani kamzere kamodzi, kalumeni, muyang'ane polumapo. Mukaona pakati pali poyera ngati choko ndipo kakumata m'mano, sanapse, dikirani theka la mphindi mulawenso. Poyerapo pakatsala kadontho kakang'ono ngati nsonga ya singano, dzino likumva kulimba pang'ono koma osati kukukuta, phulani. Uku ndiye kupsa kumene anthu a ku Italy amati "al dente", kutanthauza kuti dzino limve kanthu. Kadontho kakazimiririka pasita akadali m'madzi ndiye kuti mwachedwa kale, pakuti pasita amapitiriza kupsa ndi kutentha kwake ngakhale mwamukhetsa. Apa ndi pamene mphindi za papaketi zimakupusitsani: mwaphula pa 10, wakhala m'sefa mukumalizitsa msuzi, pofika patebulo wapyola.

Ine ndimayamba ndi msuzi, ukapsa ndiye ndimaika pasita m'madzi. Ndisanakhetse ndimatunga kapu imodzi ya madzi oyererawo. Supageti ndimamuthira mumsuzi wotentha, n'kutakasa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndikuwonjezera madzi aja pang'onopang'ono mpaka msuzi utamata kamzere kalikonse m'malo motsalira pansi pa mbale.

Mphindi zimasiyana ndi maumbidwe, ndipo chimene chikulamula ndi kukhuthala, osati kutalika. Supageti wamba amafuna pakati pa 8 ndi 10. Wowonda ngati ulusi uja, kapelini, mphindi 3 kapena 4 zakwana, mukangotembenuka kutsuka mbale wapita. Makaroni opindika aang'onoang'ono, 6 mpaka 8. Pene, timapaipi todula mopendeketsa tija, ndi fuzili wopotana amafika 10 kapena 12. Wovuta ndi wooneka ngati gulugufe: mapiko amafewa pakati popanidwapo pakadali polimba, ndiye polawa muziluma pakatipo. Pasita wamuwisi wokanda ndi mazira sapitirira mphindi 2 mpaka 4. Chonde musasakanize mitundu iwiri mupoto mmodzi pofuna kumaliza zotsalira m'mapaketi. Ndinayesapo makaroni ndi pene, makaroni anaphwanyika pene asanapse.

Za mafuta m'madzi zisiyeni. Amangoyandama pamwamba, saletsa kumatirana, ndipo pokhetsa amapaka pasita msuzi n'kumaterereka. Kutsukuluza ndi madzi ozizira nakonso kumachotsa ufa umene umagwira msuzi. Chitani zimenezo pokhapokha ngati mukukonza saladi wodya wozizira. Ngati mudzamuikanso mu uvuni ndi tchizi, phulani kutatsala mphindi 3 kapena 4.

Zonsezi mukachita koma akufewabe msanga kunja m'kati musanapse, werengani kuseri kwa paketi. Pasita wa tirigu wolimba wotchedwa duramu amapirira m'madzi, pamene wa ufa wa tirigu wamba amalekerera msanga ndipo madzi ake amachita mbuu kwambiri. Wotereyu yambani kumulawa kutatsala mphindi zitatu, ndipo madzi musawaumire.