Kamakina kopana pachala ndi khungu lakuda: 92 uja tim'khulupirire mpaka pati?

"Anamwino ndi madokotala amene muli m'gulu muno, tandithandizeni. Mwana wanga wa chaka ndi miyezi iwiri anagonekedwa ndi chibayo kwathu kuno cha ku Bangula. Kamakina kopana pachala kanaonetsa 92, koma anamwino anamuikabe pa okosijeni, chonsecho pakhoma analemba kuti okosijeni ndi wa amene atsika pansi pa 90. Alamu anga akuti kamakinaka kamanama pa ife akhungu lakuda. Zoona zimenezi?"

Mayi, anamwinowo anachita bwino, ndipo alamu anuwo sanaphonye kwenikweni, kungoti mawu akuti kunama alemera. Kamakinaka, kamene kuchipatala timati okisimita, kamayerekeza chabe kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ndipo pa khungu lakuda kuyerekezako kumakonda kupendekera m'mwamba. Kakaphonya, kawirikawiri kamaonetsa nambala yabwino kuposa mmene magazi alili. Kakanakhala kotsitsa nambala, bwenzi tikungowononga okosijeni pa anthu osamufuna. Tsono popeza kamakweza, wodwala amaoneka ngati ali bwinoko pomwe mpweya ukumuthera.

Mukatsegula kukamwa kwa kamakinaka muona kagetsi kofiira. Timagetsito ndi tiwiri, koma kachiwiriko kuwala kwake maso a munthu sakuona, ndi kwa mtundu wotchedwa infuraredi. Pa muyeso wa mafunde a kuwala wotchedwa mananomita, kofiirako ndi ka 660, kosaonekako ka 940. Kuwala konseku kumapyoza chala n'kukagwera pa kadiso kamene kali mbali inayo. Himogulobini, chonyamula okosijeni m'magazi, akakhuta okosijeni amalola kuwala kofiira kudutsa n'kumeza kwambiri kosaonekako. Akakhala wopanda okosijeni amameza kwambiri kofiirako, n'chifukwa chake magazi otere amadera. Mtima ukagunda, timitsempha ta m'chala timafufuma pang'ono, kuwala kodutsa n'kuchepa, kenako n'kubwereranso. Kamakina kamangotola kagawo kosinthasinthaka pa mitundu iwiri ija ya kuwala n'kufananiza. Nzeru imeneyi anaitulukira injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, m'zaka za m'ma 1970.

Papepala, khungu siliyenera kulowererapo, poti khungu, fupa ndi chikhadabo sizigunda ndi mtima. Koma melanini, amene amadetsa khungu lathu, amameza kuwala kofiira kwambiri kuposa kosaonekako, ndiye mitundu iwiri ija siifika pa kadiso mofanana. Kofiira kotsalako kamakhala kochepa, kamwazikamwazika m'minofu, ndipo kagawo kogunda kaja kamavuta kukatola bwino, makamaka magazi akamayenda mofooka m'chala.

Chachiwiri n'chakuti kamakina sikadziwa kokha kuti kufananiza kwakuti kukutanthauza 92 kapena 85. Kamawerenga pa tebulo limene opanga anakaikira m'kati. Tebulolo amalipanga potenga anthu athanzi ongodzipereka, n'kumawapumitsa mpweya wochepa okosijeni mpaka atsike kufika cha m'ma 70, uku akuwatenga magazi a mu mtsempha wa pamkono kukayeza ku labu. Ambiri mwa anthu amenewa kwa zaka zambiri anali azungu. Malangizo a 2013 a FDA, bungwe loona za mankhwala ndi zida zachipatala ku Amereka, ankangofuna kuti oyesedwawo akhale osachepera 10, ndipo akhungu lakuda akhale awiri kapena 15 pa 100 alionse. Anthu awiri kuimira Afirika yense! Mu Januwale 2025 bungwe lomweli linatulutsa malangizo atsopano oti anthu aperekepo maganizo, ofuna oyesedwa 150 a makungu osiyanasiyana, koma timakina timene tili kale m'mawodi ndi m'masitolo tambiri tinapangidwa malangizo atsopanowa asanabwere.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1990 madokotala Jubran ndi Tobin anapeza kuti pa odwala opumira makina, 92 ankakwanira kutsimikizira kuti mzungu ali ndi okosijeni wokwanira, koma kwa wakuda pankafunika 95. Zinadzamveka kwambiri mu Disembala 2020, Kovidi ili m'kati, pamene Michael Sjoding ndi anzake a ku yunivesite ya Michigan anaika nambala za pachala pambali pa za magazi a mu mtsempha. Pamene kamakina kankaonetsa pakati pa 92 ndi 96, magazi enieni anali pansi pa 88 pa miyeso pafupifupi 12 pa 100 ya odwala akuda, pomwe kwa azungu inali yosakwana 4 pa 100. Muone bwino apa: nthawi zambiri kamakina kananena zoyandikira zoona ngakhale pa akuda. Kungoti mwayi wophonya munthu amene mpweya wamuchepera unali wokulirapo katatu.

Kusiyanaku kumakhala kochepa nambala ikakhala m'mwamba, n'kumakula okosijeni akamatsika. Munthu amene akupuma bwinobwino, kamakina n'kuonetsa 98, palibe chodandaulira. Pakaoneka 84 palibenso chokambirana, okosijeni ayambike. Povuta ndi pakati apa, kuyambira 90 kufika 94, pafupi ndi malire amene timagamulirapo. Ndipo ngakhale kamakina kabwino kamaloledwa kuphonya ndi 2 kapena 3 mbali iliyonse, khungu lisanawerengedwe n'komwe.

Titenge mwana wa msinkhu wa wanu, miyezi 14, kamakina katanena 92. Namwino amavula mwana malaya, n'kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu mwanayo ali chete. Pa msinkhu umenewu, kupuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi ndi kupuma mothamanga. Kwa wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50, kwa wosakwana miyezi iwiri ndi 60. Tinene kuti wapeza 58, pansi pa nthiti pakulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, mphuno zikutukuka, mutu ukugwedera ndi kupuma kulikonse, bere akungoligwira n'kulisiya. 92 wa mwana ameneyu angathe kukhala 89 kapena 88 m'magazi. Ndipo pansi pa 90 m'potsetsereka ngati msewu wa Thabwa: okosijeni wa m'mapapo akangochepako pang'ono, nambala imagwa msanga. Malangizo a WHO amene mwawaona pakhomawo amati 90, inde, koma omwewo amati mwana amene ali ndi zizindikiro zangozi, monga kubanika kwambiri, kukomoka, kapena kuzizira manja magazi osayenda bwino, apatsidwe okosijeni akakhala pansi pa 94. Ndondomeko ya ETAT yosankhira ana odwalitsitsa, imene inakulira pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, imaphunzitsa kuyamba kuona kapumidwe ka mwana usanaone china chilichonse. Choncho namwino amaika timachubu ta m'mphuno, lita imodzi kapena awiri pa mphindi, n'kumayezanso maola atatu alionse. Mwana akayamba kupezako, amamuchotsa n'kudikira mphindi 15. Nambala ikakhazikika pamwamba pa 90 ndipo kupuma kwadekha, ndiye kuti okosijeni angasiyidwe.

Kuno ku chigwa kuli kanthu kenanso kotithandiza. Nsanje ndi Chikwawa ndi malo otsika kwambiri m'Malawi muno, kotero munthu wathanzi ayenera kuonetsa 95 kupita m'mwamba. 92 wa ku Ngabu kapena ku Makhuwira sangakankhiridwe ku mapiri ngati wa munthu wokhala pamwamba pa Nyika.

Musatengerepo lamulo loti wakuda aliyense tizichotsera 3 pa nambala yake. Kuphonyako sikufanana pa munthu ndi munthu, kapena pa kamakina ndi kamakina, ndipo nthawi zina kulibe n'komwe. Okosijeni wochuluka nayenso amapweteka. Ana obadwa masiku asanakwane amawaononga maso, n'chifukwa chake iwowa sitifuna kuti apitirire 95. Akuluakulu a matenda a m'mapapo a mgonagona, aja obwera ndi fodya kapena utsi wa nkhuni wa zaka zambiri, timawasunga pakati pa 88 ndi 92. Choyezera chenicheni ndi magazi a mu mtsempha wa pamkono, koma makina ake sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono, ndiye maso ndi wotchi ya namwino ndizo zimatseka mpatawo.

Komanso zambiri zimene timanamizira khungu zimachokera pa kayezedwe. Pa kamakina pamaoneka `SpO2`, ndiye okosijeniyo, ndi `PR`, kugunda kwa mtima. Gwirani pamkono muwerenge nokha. Ngati `PR` ikunena 70 pomwe mtima wa mwana ukuthamanga 150, nambala ya okosijeniyo itayeni. Kamzere kokwera ndi kutsika kamene kamaoneka pa kamakinako kazigunda mofanana, ndipo mudikire masekondi 30 kapena kuposa, osati kulemba nambala yoyamba kuthwanima. Timakina tina timaonetsa `PI`, mphamvu ya magazi ofika kuchala. Ikakhala pansi pa 1, fundirani dzanjalo m'chikhatho chanu kapena sinthani chala. Wotsekula m'mimba amene madzi amuthera, monga timaonera kolera ikabuka madzi atasefukira, zala zake zimazizira ngakhale kunja kukutentha ngati ng'anjo, ndipo kufooka kwa magazi kukakumana ndi khungu lakuda kuphonya kumakula. Kopanira ka akulu pa kachala ka khanda kamagwedera, kuwala n'kuzemba m'mbali osadutsa m'chala. Mwana amafuna kake, kapena kokulunga pa chala chachikulu cha kuphazi. Dzuwa la kuno la mu Okutobala, mukamayeza pakhonde kapena pansi pa mtengo pa sikelo ya kumudzi, phimbani dzanjalo ndi chitenje. Kyutekisi wakuda kapena wabuluu achotsedwe. Zala za odula nzimbe ku Nchalo ndi za alimi a m'dimba zimakhala ndi zikanga zokhuthala, yesani chala cha mphete kapena chaching'ono.

Pali zinthu ziwiri zimene kamakina sikaona pa khungu lililonse. Choyamba ndi kuchepa kwa magazi, kumene malungo a kuno amabweretsa tsiku ndi tsiku. Kamakina kamanena kuti ndi gawo lanji la himogulobini limene lanyamula okosijeni, sikanena kuti himogulobiniyo ndi wochuluka bwanji. Galamu imodzi ya himogulobini imanyamula pafupifupi mamililita 1.34 a okosijeni. Mwana wa himogulobini 4, ndiye kuti magalamu 4 m'mamililita 100 alionse a magazi, woonetsa 98 ali ndi mamililita pafupifupi 5 a okosijeni m'magazi amenewo, pomwe wa himogulobini 12 woonetsa 90 ali ndi 14 ndi theka. Woyambayo nambala yake njokongola, koma ndiye ali pangozi, akufunika magazi. Chachiwiri ndi mpweya wa poizoni wa mbaula ya makala yoyaka m'nyumba yotseka. Umakakamira pa himogulobini, kamakina n'kuuwerenga ngati okosijeni. Banja likabwera onse mutu ukuwawa, chizungulire, wina wakomoka, 99 wakeyo asakunyengeni. Okosijeni apatsidwe.

Kamakinaka kutaya ayi. Popanda iko tikanadalira kuona ngati milomo yabiriwira, ndipo pa khungu lathu zimenezi zimaoneka mochedwa, mpaka utsegule kukamwa uone lilime ndi nkhama, pomwe pa mwana wochepa magazi sizioneka n'komwe. Kwa inu amene mwagula kanu pasitolo, kayeseni pa anthu atatu athanzi kunyumba, ndipo mukapita kuchipatala kaikeni pambali pa ka anamwino, dzanja lomwelo, muone ngati tikugwirizana. Kameneko n'kongothandiza kuona ngati nambala ikutsika kuyerekeza ndi ya m'mawa. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa, kapena akukana bere, nyamukani, kaya kakunena 96. Ndipo mukakhala pa wodi ngati gadiyani, n'kuona kupuma kwasintha pomwe nambala ili yomweyo, itanani anamwino muwauze kuti, "Amayi, tamuonaninso mwanayu pachifuwa, sakupuma ngati poyamba paja."