Fayilo ya manambala yasowa, chatsala ndi chithunzi cha tchati: ndikonza bwanji nambala yolakwika?

*"Ndili chaka chomaliza, laputopu inafa ndipo fayilo ya Excel ya pulojekiti yanga inapita nayo. Chatsala ndi chithunzi cha tchati cha mizati itatu, 45, 72 ndi 30. A supavaiza awerenganso mafomu apeza kuti 45 uja ndi 58. Ndingofufuta nkulembapo 58, kapena nditani kuti mzati nawo ugwirizane?"*

Kungofufuta nambala kokha ayi, chonde. Oyesa ntchito yanu sawerenga nambala yokha, diso lawo limayamba lagwera pa kutalika kwa mizati, ndiye akaona 58 atakhala pamwamba pa mzati womwe ukuthera pansi pa mzere wa 50 ayamba kukayikira tchati chonsecho, mwinanso ndi matebulo ena omwe munalibe nawo vuto. Chabwino nchoti inu muli ndi mafomu enieni otsimikizira 58 uja. Asungeni bwino, chifukwa kusintha nambala ndi umboni mmanja ndi kukonza, koma kusintha popanda umboni ndi kupeka zotsatira ndipo sukulu zimachotsa nazo anthu zimenezo.

Musanavutike ndi chithunzi yambani mwayang'ana ngati chilidi chithunzi. Ngati tchaticho chili mu Word, dinani kumanja pa icho muone ngati pakubwera Edit Data. Nthawi zina manambala amakhala atabisala mkati mwa dokumenti momwemo ndipo katebulo kamangotseguka. Pakabwera Change Picture basi ndiye kuti nchithunzidi, tipitirize.

Njira yomwe ine ndimakonda ndi yojambulanso tchati chatsopano. Inu manambala atatu onse akuoneka, ndiye tsegulani Excel, lembani 58, 72, 30 ndi maina ake, pangani tchati, pa Format Axis ikani Minimum pa 0, kenako Add Data Labels. Kutalika kwa mizati kompyuta iwerengera yokha ndipo simungalakwitse, komanso mukhala ndi fayilo yatsopano yoti a supavaiza akapezanso china mawa mungosintha kabokosi kamodzi.

Koma nthawi zina pamafunika chithunzi chomwecho, mwina mitundu ndi kalembedwe zikufanana ndi matchati ena onse mu lipoti. Apa ndiye muyenera kuyeza. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono, mapikiselo, ndipo mukachitsegula mu Paint nkuyika kasa penapake, pansi kumanzere pamaoneka manambala awiri, lachiwirilo ndi lomwe likukuuzani kuti mwatsika mapikiselo angati kuchokera pamwamba pa chithunzi. Samalani pamenepa, nambalayi imakula mukamatsika, osati mukamakwera.

Kulitsani chithunzi mpaka timadontho tizioneka, yikani kasa pa mzere wa 0 ndipo tinene kuti mwapeza 620. Kenako pa mzere wa 100 mwapeza 120. Ndiye kuti mapikiselo 500 akuimira 100, kutanthauza kuti 1 aliyense ndi mapikiselo 5. Sankhani mizere yotalikirana chonchi, osati 0 ndi 10, chifukwa mukaphonya ndi kadontho kamodzi pa mtunda waufupi kulakwitsako kumachulukana mukamakwera. Musanakhudze kalikonse yesani kaye muyeso wanu pa mzati womwe ulibe vuto. Wa 72 uyenera kutalika 360, ndiye nsonga yake ikhale pa 260. Mukaipezadi pamenepo, kapena yaphonya ndi kadontho kamodzi, muyeso uli bwino. Ikakhala kutali ndiye kuti pali china chake, imani kaye.

Tsopano 58 kuchulukitsa ndi 5 ndi 290, ndipo 620 kuchotsa 290 ndi 330. Mzati wakale wa 45 unkathera pa 395, ndiye mukuukweza ndi mapikiselo 65. Tengani mtundu wa mzatiwo ndi Color picker, jambulani bokosi la mulifupi womwewo kuchokera pa 395 kufika pa 330, fufutani 45 wakale, ndipo ngati kufufutako kwadula mzere wopingasa wa kumbuyo ubwezeretseni, kenako lembani 58 pamwamba pa nsonga yatsopano. Chitani zonsezi pa kope, chithunzi choyamba chisiyeni momwe chilili. Osakoka mzati ndi kasa mongoyerekeza ndi maso, ndipo osakoka chithunzi chonse mbali imodzi chifukwa zilembo zimaphwatalala aliyense nkuona kuti pagwiridwa.

Pomwe anthu ambiri amagwera ndi pa tchati chomwe sichiyambira pa 0. Yang'anani nambala ya pansi penipeni pa mzere wa kumanzere. Tinene kuti pa 620 paja pali 20 osati 0, ndipo 100 akadali pa 120. Apa mapikiselo 500 akuimira 80 basi, ndiye 1 aliyense ndi 6.25, ndipo muyenera kuchotsa kaye 20 musanachulukitse.

```
kutalika = (58 - 20) * 6.25 = 237.5
```

Munthu wosaona zimenezi amatenga kutalika kwa mzati wakale, pafupifupi 156, nkuchulukitsa ndi 58 kugawa ndi 45, amapeza 201, ndipo mzati wake ukawerengedwa pa mzere wa kumanzere ukunena pafupifupi 52 pomwe pamwamba palembedwa 58. Ndi chifukwa chake ndakakamira zoyesa kaye pa mzati wina. Ndipo kunena zoona tchati cha mizati chosayambira pa 0 chimakokomeza kusiyana, ine ndingakonde mutangochijambulanso kuyambira pa 0.

Pali zithunzi zina zomwe masamu awa sagwira. Ngati mzere wa kumanzere ukuyenda 1, 10, 100, 1000 motalikirana mofanana, kuchulukitsa wamba kukupatsani zabodza. Mizati yooneka ngati mabokosi a mbali zitatu nayo nsonga yake sikhala ndendende pa mzere. Chimodzimodzi chithunzi chojambula ndi foni pa pepala kapena pa sikirini, chimakhala chopendekeka ndiye pikiselo ya pansi ndi ya pamwamba siziimira zofanana. Zikatere jambulaninso basi. Kwa amene mizati yawo ilibe manambala pamwamba, muyeso womwewu umagwira chobwerera, 620 kuchotsa pomwe pali nsonga nkugawa ndi 5, kapena gwiritsani pulogalamu ya WebPlotDigitizer yomwe inapangidwira ntchito imeneyi. Kungoti zomwe mungapeze ndi zongoyandikira, ngati kadontho kamodzi ndi 0.2 simungalumbire kuti inali 44.9 osati 45, ndiye lembani pansi pa tchati kuti manambalawo awerengedwa kuchokera pa chithunzi.

Chinanso chomwe a supavaiza adzafunse ndithu, anthu 13 owonjezerawo achokera kuti? Poyamba onse pamodzi anali 147. Ngati anali mafomu omwe sanawerengedwe ndiye kuti tsopano ndi 160, ndipo paliponse pomwe munalemba 147 pasinthe, komanso maperesenti onse, 72 yemwe anali pafupifupi 49 peresenti akutsika kufika 45 peresenti ngakhale mzati wake sunasunthe. Koma ngati anaikidwa gulu lolakwika ndiye kuti mzati wina uyenera kutsika ndi 13, kukhala 59 kapena 17, ndipo ukakhala wa 72 uja ndiye kusiyana kwake ndi 58 kwangotsala 1, chiganizo chanu chonena kuti gulu limenelo ndi lochuluka kwambiri sichingaimenso. Werenganinso mafomu a magulu onse atatu musanatsegule Paint, kenako fufuzani 45, 147 ndi maperesenti akale mu dokumenti yonse ndi Ctrl+F, kuphatikizapo mu chidule cha koyambirira ndi mutu womaliza.