Botolo lakale ndi longotengera: mmene timasiyanitsira tisanalipire

"Akuluakulu, ndikufuna kuyamba kuoda mabotolo ndi magalasi akale kunja n'kumadzagulitsa kwa osonkhanitsa zinthu zamakedzana. Inu mumadziwa bwanji kuti ichi n'chakaledi, osati chopangidwa dzana?"

Achimwene, katundu akadutsa pachipata sabwezedwa, ndiye kuyesa konse kumachitika ndalama zili m'thumba. Muzinyamula tochi yaing'ono ndi galasi lokulitsa zinthu kakhumi. Malo oyang'ana ndi atatu: mlomo, pansi pa botolo, ndi kamzere kamene kamagunda patebulo. Palibe amodzi mwa malo amenewa amene angakuuzeni zaka za botolo paokha. Chimene mukufufuza n'chakuti kodi onse atatu akunena zofanana.

Yambani ndi msoko, poti ndi umene umachotsa zabodza zambiri mwachangu. Botolo louziridwa m'chikombole limakhala ndi kamzere kotukuka pamene mbali za chikombolecho zinkakumana. Kalondoleni ndi chikhadabo kuchokera m'munsi kukwera. Pa botolo louzira ndi pakamwa, msoko umazimirira pakhosi kapena pansi pa mlomo, chifukwa mlomowo ankaupanga pambuyo pake, botolo litatuluka kale m'chikombole. Mwina ankamatapo galasi lina lamoto, ndipo mukalowetsa chala m'khosi mumamva polumikizira, kapena ankazunguza chitsulo choumbira chimene chinkafufuta msoko n'kusiya timizere topingasa. Pa botolo la makina, msoko umakwera mpaka pamwamba penipeni pa mlomo, ndipo kawirikawiri pamakhala msoko wina wozungulira pansi pa mlomowo. Makina opanga mabotolo a Michael Owens anabwera mu 1903, choncho wina akamati botolo ndi la m'ma 1850 koma msoko wafika pamwamba, nkhani yathera pomwepo.

Samalani ndi zinthu ziwiri. Mitsuko ina yakale yosungira zakudya inkauziridwa m'chikombole yonse ndi mlomo womwe, kenaka n'kudulidwa pamwamba n'kupalidwa pamwala. Msoko wake umafika pamwamba, koma mlomo umakhala wakhakhala, wosanyezimira. Chachiwiri, musamvere zoti kutalika kwa msoko kumatchula chaka, ngati kuti waufupi ndi wa 1860 ndipo wautaliko ndi wa 1890. Umangosonyeza pamene mmisiri anafika ndi chitsulo chake.

Tsopano tembenuzani botolo. Kuti mmisiri akonze mlomo, ankamata ndodo yachitsulo, pontilo, pansi pa botolo lamoto kuti agwirire, ndipo akamaliza ankaithyola. Chipsera chotsalacho chimabwera mosiyanasiyana. Akagwiritsa ntchito paipi youzira galasi ngati pontilo, pamatsala mkombero wa galasi lothyoka, wakuthwa moti ukhoza kucheka chala. Akagwiritsa ntchito chitsulo chopanda galasi kunsonga, pamatsala banga lozungulira lotuwa, lakuda kapena lofiirira ngati dzimbiri. Pa matambula ndi mabotolo apamwamba a patebulo, chipseracho ankachipala n'kusiya kadzenje kosalala konyezimira. Pa mabotolo wamba, pontilo inayamba kusiyidwa m'ma 1850 atapeza chopanira chogwira botolo osamatirira, ndipo pofika cha m'ma 1870 inali itasowa ndithu.

Apa ndi pamene atsopano amaluzira ndalama, chifukwa ogulitsa amakonda kukuonetsani chipsera ngati chiphaso. Chipsera chimangotsimikiza kuti chinthucho chinamalizidwa pamanja, ndipo amisiri akuuzira galasi pamanja mpaka lero. Fakitale ya Clevenger ku New Jersey, imene inayamba mu 1930, inkapanga mabotolo otengera akale a ku America, ouzira ndi pakamwa, ambiri okhala ndi chipsera chenicheni. Chipsera chabodza, chojambulidwa m'chikombole momwe, n'chosavuta: m'mphepete mwake n'mosalala ngati mosungunuka, chikhadabo sichikodwa. Mukapeza mabotolo awiri a mtundu umodzi, agundanitseni m'munsi. Galasi silithyoka mofanana kawiri, ndiye zipsera zikafanana ndendende, zachokera m'chikombole chimodzi. Musasokonezenso ndi mkombero wopyapyala, nthawi zambiri wopendekera mbali imodzi, umene makina a Owens ankasiya podula galasi. Umenewo ndi umboni wa makina.

Tiyese ndi botolo limodzi. Ndi lobiriwira motuwa, lamimba, lili ndi chithunzi ndi zilembo zotukuka, ndipo wogulitsa akuti ndi la m'ma 1850. Msoko wazimirira pakhosi. Pansi pali mkombero wakuthwa, wothyokadi. Mpaka apa zonse zikugwirizana ndi mawu ake, komanso zikugwirizana ndi botolo louziridwa pamanja m'ma 1950. Chotsala ndi kuperepeseka.

Liimikeni pamalo osalala, mulowetse kapepala pansi pake mozungulira. Botolo lopangidwa pamanja silikhala lofanana m'munsi, ndiye pepala lidzalowa mbali zina n'kukanika mbali zina. Pamene lakanika ndi pamene botolo limagunda tebulo, ndipo ndi pokhapo pamene payenera kukhala poperepeseka. Walitsani tochi chammbali, muyang'ane ndi galasi lokulitsa. Kuperepeseka kwa zaka zambiri kumaoneka ngati kachifunga kotuwa kopangidwa ndi timikwingwirima tosawerengeka, tatifupi, tolunjika mbali zonse, tina takuya tina tosaoneka bwino, ndipo kamazilala pang'onopang'ono m'mphepete. Malo amene sagunda tebulo amakhala onyezimira.

Pa botolo lathuli, mkombero wonse wa pansi ndi wotuwa mofanana, ngakhale pamene pepala linalowa momasuka. Mikwingwirima yake ndi yaitali, yondondozana, yakuya mofanana, ndipo ina yatsikira m'kati mwa dzenje la pansi, mmene tebulo silingafike. Imeneyo ndi sandipepa, popeza imapindika n'kutsata dzanja. Amene amakhula botolo pasimenti amasiya zina: mikwingwirima yoyera, yakuya, yolunjika mbali imodzi kapena iwiri, yokhala ndi tizibenthu tatsopano tonyezimira. Asidi amasiya kutuwa kosalala kopanda mkwingwirima uliwonse mukakulitsa. Yang'ananinso pamwamba pa zilembo ndi pamimba pamene botolo linkakhudzana ndi anzake pashelefu. Pansi pakaoneka ngati pa zaka 170 koma zilembo zili mbee ngati zatsopano, wina wagwirapo ntchito. Zilembo zokhazo zikhoza kuululanso: chikombole chotengedwa pa botolo lakale chimatulutsa zilembo zofufuma ndi chithunzi chosamveka bwino m'tinthu ting'onoting'ono monga tsitsi ndi masamba.

Botolo limenelo ine ndingaligule ngati chokongoletsera, pamtengo wa chokongoletsera, ndipo ndingaligulitse ndi dzina lomwelo. Koma musatembenuze lamulo n'kumakana chilichonse chosaperepeseka. Botolo lofukulidwa pansi mwina linatayidwa litangogwiritsidwa ntchito kamodzi, ndiye m'munsi mwake simudzakhala zambiri, m'malo mwake lidzakhala ndi chifunga cha m'dothi chosachoka ndi sopo. Ena amalipukuta ndi makina mpaka chifungacho kutha, ndipo kuperepeseka kwenikweni kumapita nako, zilembo n'kukhala zobulungira. Tithovu ta mpweya m'galasi musatiwerengere konse: otengera amatichulukitsa dala podziwa kuti ogula amatikonda.

Pa nkhani ya kasitomu, m'ndandanda wa katundu umene maiko ambiri amagwiritsa ntchito, zinthu zamakedzana zili pa nambala 9706, ndipo zimayenera kukhala zopitirira zaka 100. Choncho muuzeni wogulitsa alembe palisiti zaka zimene akunena komanso ngati chinthucho n'chotengera. Amene akukana kulemba zimene akulankhula pakamwa, mutsitseni mtengo kufika pa wa galasi latsopano. Ndipo akatulutsa m'katoni mabotolo asanu ndi limodzi "osowa" a mtundu umodzi, kukula kumodzi, yesani awiri okha pogundanitsa zipsera zawo musanataye nthawi ndi otsalawo.