Fomu ya DHA-1590: zimene mwalemba lero mudzafunsidwa mawa

Abale anga amene mwangofika kuno ku Joni ndipo mukufuna kupempha chitetezo ngati othawa kwawo, ndikuuzeni za fomu imene mudzalembe ku ofesi ya Home Affairs yolandira othawa kwawo, kaya ku Pretoria, Musina, Durban, Gqeberha kapena Cape Town. Dzina lake ndi DHA-1590, ndipo salipiritsa. Ikalandiridwa amakupatsani chikalata cha sekishoni 22 chokhalira m'dziko muno podikira chigamulo. Tsiku lina mudzakhala pamaso pa ofisala wogamula nkhani yanu, ndipo iyeyo fomu ija adzakhala nayo patebulo. Chilichonse chotuluka pakamwa panu adzachiyerekeza ndi zimene munalemba.

Tiyerekeze mayi amene analemba kuti nyumba yake inatenthedwa mu Malichi 2021 ndipo ali ndi ana awiri. Pofunsidwa akunena kuti inali nthawi yokolola, ndipo akutchula ana atatu. Mayiyu sananame. Mwezi anangoponya chifukwa bokosi la pa fomu linkafuna mwezi, ndipo mwana wachitatu sanamulembe poti anatsala kwa agogo ake. Koma ofisala akuona nkhani ziwiri, ndiye ayamba kukayikira ngakhale za motowo.

N'chifukwa chake ndimati tsiku limene simukulikumbuka musalipeke. Lembani kuti "cha m'nyengo yokolola, 2021", ndipo mudzanenenso chimodzimodzi. Musanapite ku ofesi, khalani pansi ndi kope, mundandalike kumene munabadwira, kumene mwakhalako, chimene chinakuthawitsani, mayiko amene munadutsa ndi chipata chimene munalowera. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi za pachiphaso chanu, chilembo ndi chilembo.

Za ana ndibwereze. Lamulo limafuna kuti mulembe mwamuna kapena mkazi wanu ndi onse amene mumawasamalira, ngakhale amene anatsala kumudzi. Amene simunamulembe, kudzamuphatikiza pa fayilo yanu pambuyo pake kumavuta kwambiri.

Pa funso la chilankhulo musadzikakamize Chingelezi pochita manyazi, chifukwa chimene mwasankhacho lamulo limatenga kuti mumachidziwa bwino. Pemphani womasulira, ndipo akuwerengereni zonse musanasayine. Mukatha jambulani tsamba lililonse ngati akulolani. Ngati ayi, kalembeni mayankho anu m'kope tsiku lomwelo. Mukazindikira cholakwika, chineneni nokha kufunsa kusanayambe.

Chimene chimandiwawa ndi anthu ogulitsa nkhani panja pa mageti. Nkhani yogula imagwa pa mafunso ang'onoang'ono, monga dzina la mfumu kapena mtunda wokafika kupolisi, ndipo bodza likagwidwa pempho lonse limakanidwa. Dziwaninso kuti umphawi ndi kusowa ntchito, ngakhale zimapweteka, si zifukwa zimene lamulo la othawa kwawo la 1998 limavomereza. Limayang'ana kuzunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale kapena gulu limene muli, ndiponso nkhondo. Ngati simukudziwa pamene nkhani yanu ikugwera, kafunseni kwaulere ku mabungwe othandiza othawa kwawo, monga ku Lawyers for Human Rights kapena ku Scalabrini Centre ku Cape Town musanalembe fomuyo.