Musathamangire kamera, onani kaye kumene owonera akuchokera

"Abale ndithandizeni. Ndimajambula mavidiyo a kawetedwe ka nkhuku za mabuloila kuno ku Kapata n'kumaika pa YouTube. Yomaliza ndi ya mphindi 8, aiwonera anthu 900, koma mzere uja woonetsa anthu amene akuwonerabe vidiyo ukungotsetsereka ngati phiri ndipo pakati pa onse akuti amawonera 1:48 basi. Ndaika zithunzi zitatu za mu YouTube Studio, mmene timaonera manambala a chanelo. Ndigule kamera yabwino, ndiziika vidiyo tsiku lililonse, kapena ndilipire mnyamata amene akuti amakweza owonera?"

Asisi, zikomo poika zithunzizo, chifukwa ambiri amene ayankha pamwambapa zikuoneka kuti sanazitsegule n'komwe. Wina akuti gulani foni yodula, wina akuti muziika vidiyo m'mawa ndi madzulo. Kaya bandulo yake adzakugulirani ndi iwowo.

Ine ndiyamba ndi chithunzi chachitatu, cha Traffic source, choonetsa kumene owonera akuchokera, osati cha mzere wotsetserekawo. Nambala ya 1:48 imene ikukusowetsani tuloyo si ya munthu weniweni aliyense. Aphatikiza anthu amitundu yosiyana kwambiri n'kugawa, ndiye yatuluka nambala imene sikukuuzani za gulu lililonse. Taonani mzere wolembedwa External. Pamenepo pali anthu 540, ndipo mukadinapo muona kuti pafupifupi onse ndi a WhatsApp ndi Facebook. Amenewa akukhala masekondi 40 okha. Pansi pake pali YouTube search, anthu 180, koma iwowa akukhala 4:30, kupitirira theka la vidiyo yonse. A Browse features, kutanthauza amene anaipeza patsamba loyamba la YouTube kapena pamndandanda wa machanelo amene amatsatira, alipo 90 ndipo akukhala mphindi zitatu. Otsalawo ndi ochepaochepa.

Tsopano tiwerengere limodzi. Anthu 540 kuchulukitsa ndi masekondi 40 ndi maola 6. Anthu 180 kuchulukitsa ndi mphindi zinayi ndi theka ndi maola 13 ndi theka. Vidiyo yonse yasonkhanitsa maola 27. Ndiye kuti kagulu kakang'ono ka ofufuza, munthu mmodzi pa asanu alionse, ndi kamene kakupatsani theka la maola anu onse, pamene chikhamu cha pa WhatsApp chija sichinafike ngakhale pa kota.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mukaponya linki m'gulu la kutchalitchi, la chilimba, la abale ndi la anzanu akusukulu, anthu amadina chifukwa amakukondani. Azakhali anu a ku Katete safuna kuweta nkhuku. Akufuna kuona nkhope yanu, aseke, anene kuti mwana wathu ali pa YouTube, kenako atseke msanga bandulo isanathe. Koma munthu amene wakhala pansi n'kulemba yekha mawu ofufuza za chakudya cha anapiye ali ndi anapiye m'khola kapena ndalama m'thumba, ndipo akhala mpaka atamva yankho. Sindikunena kuti kugawa pa WhatsApp kumapha chanelo, ayi. Chimene kumachita n'kukusokonezerani manambala, mpaka mumayamba kukonza chinthu chimene sichinawonongeke. Muzitumiza kumagulu a alimi ndi a oweta okha, abale aipeza okha akaifuna.

Tibwere ku mzere uja tsopano. Kutsetsereka pang'onopang'ono n'kwachibadwa, vidiyo iliyonse padziko imatero. Chofunika kuyang'ana ndi pamene mzerewo wagwa mwadzidzidzi ndi pamene watukuka. Wanu wagwa kwambiri m'masekondi 30 oyambirira, ndipo pansi pa girafu Studio yalemba kuti 38% ndi amene anali akuwonerabe pa 0:30. Mbali ina ya kugwako ndi abale aja, tanena kale. Koma ndinaitsegula vidiyoyo ndipo mbali ina ndi yanu. Mwayamba ndi dzina la chanelo likuzungulirazungulira ndi nyimbo, kenako moni, kenako kuthokoza amene anawonera yapita ija, kenako kupempha kuti adine Subscribe. Nkhuku yoyamba yaoneka pa 0:50. Ulemu wathu wakum'mawa ndi wabwino pakhomo, koma mlendo amene wabwera ndi funso sadikira malonje onsewo. Moni wa mawu awiri ukukwana, ndipo muupereke mutaima kale m'khola.

Kuchokera pa 1:00 mpaka cha pa 4:00 mzere wanu wagona bwino, sukutsika kwenikweni. Anthu ambiri saona zimenezi chifukwa maso amathamangira pachigwa choyamba chija. Kugona koteroko kukutanthauza kuti amene anapirira mphindi yoyamba sakuchoka, ndipo akanachoka zikanakhala kuti chithunzi n'choipa kapena mawu sakumveka. N'chifukwa chake za kamera ndikuti dikirani.

Chuma chenicheni chili pa 5:10, pamene mzere watukuka ngati kachulu. Mzere umakwera chonchi anthu akamabwerera m'mbuyo kuti awonerenso malo amodzi, kapena akamalumpha zina zonse kuti afike pamenepo. Nthawi zina zimachitikanso chifukwa sanamvetse, ndiye muyenera kupita kukaona nokha chimene chili pamalopo. Pa vidiyo yanu ndi pamene mwatenga kope n'kuyamba kuwerengera matumba a sitata, gulowa ndi finisha amene anapiye 100 amadya, ndi ndalama zake. Anthu akuimitsa, akukopera, akubwereza. Mwabisa chinthu chimene akufuna kwambiri kumbuyo kwa mphindi zisanu.

Musanajambule ina, dinani pa YouTube search paja. Pamatuluka mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni. Mukapeza kuti ambiri akufunsa za mtengo wa chakudya kapena phindu la nkhuku 100, basi mutu wa vidiyo yotsatira mwaupeza, ndipo muulembe m'mawu awo omwewo, kaya ndi Chinyanja, Chingerezi kapena zosakaniza monga timalankhulira m'tauni. Vidiyoyo iyambe ndi kope lija m'manja: ndalama zimene munalowetsa ndi izi, zimene munatulutsa ndi izi, tiyeni tione mmene zinayendera. Zina zonse zibwere pambuyo.

Musinthe chimodzi chokhachi, chiyambi. Utali usiyeni pa mphindi 8 zomwezo, chithunzi chapachikuto chikhale chamtundu womwewo. Mukasintha kamera, mutu, utali ndi tsiku loika zonse pakamodzi, zinthu zikayenda bwino simudzadziwa chimene chathandiza, zikaipa simudzadziwa cholakwa. Chitani choncho pa mavidiyo atatu kapena anayi, kenako muyerekeze manambala awiri okha: otsala pa 0:30, ndi nthawi imene anthu a YouTube search akukhala. Studio imaonetsanso mmene vidiyo yatsopano ikuchitira poiyerekeza ndi mavidiyo anu ena a utali wofanana, ndipo kuyerekeza kumeneko n'kwaphindu kuposa kudziyerekeza ndi machanelo a ku Lusaka kapena ku Lilongwe amene ali ndi anthu zikwizikwi. Komanso musamatsegule Studio ola lililonse. Mzere wa owonerawu umatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ukhazikike, ndipo pa anthu 50 kapena 60 umangodumphadumpha, munthu mmodzi akachoka umaoneka ngati wagwa.

Pachithunzi chachiwiri pali 11% ya Impressions click-through rate, kutanthauza kuchuluka kwa amene amadina akaona chikuto cha vidiyo yanu, ndipo ndaona wina wakuyamikirani kuti mwaphulika. Pang'onopang'ono. YouTube yokha imanena kuti theka la machanelo ndi mavidiyo limakhala pakati pa 2% ndi 10%, ndiye 11% ikuoneka yokoma. Koma chikuto chanu chaonetsedwa ka 2,000 kokha, makamaka kwa anthu okudziwani kale ndi kwa amene amafufuza nkhani yomweyo. YouTube ikayamba kuchionetsa kwa anthu achilendo ambiri, nambalayi imatsika, mwina kufika pa 5% kapena 6%, uku owonera akuchuluka. Ikadzatsika choncho musadzathamangire kusintha chikuto. Dziwaninso kuti anthu 540 a pa WhatsApp aja sali m'nambala imeneyi, chifukwa imawerengera zikuto zoonetsedwa mkati mwa YouTube mokha.

Za mnyamata wokweza owonerayo, chonde asisi, musayerekeze. Mlamu wanga ali ndi chanelo ya zokonza njinga zamoto, ndipo ine ndi amene ndimamuwerengera manambala. Mnyamata wina wa m'tauni muno anamudyera ndalama cha m'ma K200 kapena K250, kumulonjeza anthu zikwi ziwiri. Anabweradi, usiku umodzi wokha. Titatsegula mzere wa owonera tinapeza wagwa ngati khoma pamasekondi ochepa oyambirira, kenako wagona pansi mpaka kumapeto. Pa Audience, mayiko amene anatuluka anali akutali kumene kulibe munthu womva Chinyanja, Zambia ndi Malawi zitakankhidwira pansi. Ndemanga ngakhale imodzi panalibe. Patapita masiku YouTube inachotsa ambiri mwa owonera abodzawo, nambala inabwerera pafupi ndi pamene inali, ndalama zitapita. Chimene chinandipweteka ine n'chakuti manambala a mwezi wonsewo anasanduka opanda ntchito. Sitikanathanso kudziwa kuti anthu enieni amachokera pati ndipo amatopa pati, chifukwa zonse zinasakanikirana ndi zinyalalazo. Mnyamatayo titamufunsa anati tionjezere ndalama atibweretsere "apamwamba". Ndipo malamulo a YouTube amaletsa zimenezi, chanelo ikhoza kulangidwa kapena kutsekedwa. Ngati mukulota za maola 4,000 ndi olembetsa 1,000 aja amene YouTube imafuna kuti chanelo iyambe kulandira ndalama za otsatsa malonda, owonera ogula sakufikitsaniko.

Ngati ndalamayo ikukuyabwani m'manja, gulani kamaikolofoni kokoloweka pakolala. Timapezeka m'mashopu a mafoni m'tauni, cha m'ma K150 mpaka K300 kutengera mtundu, koma muyesere pomwepo pa foni yanu musanalipire chifukwa tina sitigwirizana ndi pobayira pa mafoni ena. Mphepo ya mu Julaye ndi Ogasiti ikayamba, mawu ojambulira panja amangomveka phuu, ndipo zimenezo zimathamangitsa anthu msanga kuposa chithunzi chosawala.

Tebulo la nthawi imene gulu lililonse likukhala limaoneka bwino pa kompyuta, mukalowa pa studio.youtube.com n'kudina Advanced mode. Pa foni mutha kutsegula adiresi yomweyo mu Chrome n'kusankha Desktop site, kungoti zilembo zimachepa kwambiri.

China chongodutsa. Mabuloila amatenga pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, ndiye amene akufuna kugulitsa pa Khirisimasi amaika anapiye chakumayambiriro kwa Novembala, ndipo mawerengero a ndalama amawafuna asanagule. Vidiyo ya kope ija ikhale italowa kale mu Okutobala. Ikatha sabata, mudzaikenso chithunzi cha Traffic source chomwecho pano, chokhala ndi nthawi ya gulu lililonse, tidzaone ngati 4:30 ija yasuntha.