Nthabwala imodzi, zilankhulo ziwiri

"Anzanga, ndimalemba mauthenga a gulu lathu loyenda m'phiri kuno ku Zomba. Ena ndi alendo osamva Chichewa, ndiye ndimalemba ziwiri zonse. Koma nthabwala ikakoma m'Chichewa, m'Chingerezi imangoti zii. Ndizitani?"

Achemwali, lekani kumasulira nthabwalayo. Dzifunseni kuti ikugwira ntchito yanji mu uthengawo, kenako mupeze ina ya Chingerezi yogwira ntchito yomweyo.

Ine zinandionekera pokonza ulendo wa ku Chawe. Ndalama ya galimoto inali itakwera, ndipo ndinkafuna anthu asakwiye. Ndinalemba kuti: "Mtengo wakwera ndithu, koma musaope, ife sitikwera mtengo, tikukwera phiri." Anthu anafa nazo, poti liwu loti mtengo limanena wa pamsika ndi wa m'nkhalango womwe. Nditaika m'Chingerezi liwu ndi liwu, mayi wina wachizungu anandifunsa kumbali, mwaulemu wake wonse, ngati panali maganizo okwera mitengo, poti bondo lake limavuta. Manyazi ake!

Chonsecho mankhwala anali pafupi. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, loti "steep", lonena phiri lovuta kukwera komanso chinthu chodula. Ndikanangolemba kuti ndalamayo tsopano yafanana ndi msewu wa ku Chawe uja, mlendo aliyense amene anaukwerapo wapansi akanaseka. Nthabwala ndi ziwiri zosiyana, koma zonse zikuziziritsa mtima wa munthu amene wauzidwa kuti alipira zambiri.

Chimene chimapha kwambiri ndi ulemu wathu wonyogodola uja. Mukalemba kuti "abwana athu ochedwa aja, tidzakudikirani mpaka Mulunguzi ataphwa", aliyense akudziwa kuti mukuseka mnzanu, chifukwa "a" ndi "abwana" zamukweza dala. Chingerezi chilibe "iwe" ndi "inu", onse chimawaitana chimodzimodzi, ndiye chiganizocho chimatuluka ngati kalata yochenjeza wantchito. Pamenepo ine ndimatembenuza mpeni, ndimadziseka ndekha: ndimalemba kuti amene anachedwa ulendo watha ndine, ndipo ndalapa. Mawu ngati balalabalala kapena mbwee asiyeni kwawo, alibe abale kutsidyako.

Musaiwalenso kuti ambiri m'gulumo, makamaka a ku Chanco, amawerenga mbali zonse ziwiri. Nthabwala yomweyo kawiri imasukuluka, koma akapeza yatsopano m'munsi amaona ngati basera. Zosayenera kusiyana ndi tsiku, nthawi, malo okumanira ndi ndalama. Zimenezo ndimazilemba m'manambala pamzere wakewake wopanda nthabwala, kuti wina asadikire pa Mpondabwino anzake ali kudepoti.

Musanatumize, muwerengereni mbali ya Chingerezi yokha munthu amene sanaone ya Chichewa. Akafunsa kuti "ndiye kuti chiyani?", chotsani mzerewo, musaufotokoze. Mukatumiza, onani mayankho. Ngati akuseka ndi a Chichewa okha, alendo n'kumangoponya chala cham'mwamba, ndiye kuti mbali yawoyo mwailemba ngati chidziwitso cha kukhonsolo.