Mankhwala obaya pojambula ndi siti sikani: chifukwa chake ndi zimene amasintha pa chithunzi

"Bambo anga awapeza ndi chotupa m'chiwindi, ndipo atitumiza ku Lilongwe kuti akajambulidwe ndi siti sikani atabayidwa mankhwala enaake mumtsempha. Mchimwene wanga atachita ngozi ya njinga yamoto anamujambula mutu popanda kumubaya chilichonse. N'chifukwa chiyani bambo okha, ndipo mankhwalawo ndi antchito yanji?" Akufunsa choncho mayi wina wa ku Linthipe, kuno ku Dedza.

Mayi, makina amenewa amagwiritsa ntchito kuwala kwa ekisire, ndipo chimene amayeza ndi chimodzi chokha: kuchuluka kwa kuwala kumene chiwalo chilichonse chatsekereza. Chotsekereza kwambiri chimaoneka choyera, chotsekereza pang'ono chimaoneka chakuda. Muyezo wake unapatsidwa dzina la Godfrey Hounsfield, amene makina ake anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971. Pa muyezo umenewu madzi ali pa 0, mpweya uli pa 1,000 kunsi kwa ziro, mafuta am'thupi ali cha pa 100 kunsi kwa ziro, ndipo fupa lolimba limafika pa 1,000 ngakhale kuposa. Vuto lili pakatipa. Chiwindi, kapamba, minofu, magazi oyenda m'mitsempha ndi zotupa zambiri, zonse zimapanikizana pakati pa 30 ndi 60, kotero kuti pa chithunzi zimaoneka zotuwa mofanana, ndipo chotupa chikhoza kubisala m'chiwindi osaoneka malire ake.

Mutu wa achimwene anu unalibe vuto limeneli. Munthu akamenyetsa mutu, madokotala amafunafuna fupa losweka ndi magazi amene angotayikira kumene mkati mwa chigaza, ndipo magazi otere akaundana amaoneka oyera kuposa ubongo mwa iwo okha. Kubaya mankhwala pamenepo kukhoza kusokoneza, chifukwa mitsempha nayonso ikayera kumavuta kusiyanitsa. Chimodzimodzi pofufuza miyala ya mu impso, imene imawala yokha.

Mankhwala amene bambo adzabayidwe ena amawatchula kuti utoto, koma dzinali limasocheretsa, chifukwa m'botolo amaoneka ngati madzi ndipo sapaka chiwalo mtundu uliwonse. Muli ayodini, amene amatsekereza kuwala kwa ekisire kwambiri kuposa mnofu. Akalowa mumtsempha amayenda ndi magazi, ndiye paliponse pamene magazi afika ochuluka pamawala. Choncho chithunzi chimasiya kungoonetsa kulimba kwa ziwalo, n'kuyamba kuonetsa kumene magazi akupita, ochuluka bwanji, komanso pa nthawi iti.

Nthawiyo ndiye pagona nkhani, ndipo ine ndimaona kuti imeneyi ndi mbali imene odwala safotokozeredwa mokwanira. Aliyense amene anathirirako kachewere m'dimba nthawi yachilimwe amadziwa kuti ukatsegula madzi kumtunda kwa ngalande, mizere yonse sinyowa nthawi imodzi, ndipo woima pambali akhoza kudziwa mzere umene ukumwa ku ngalande iti poona nthawi imene wanyowera. Chiwindi chili ndi ngalande ziwiri. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi ake limabwera ndi mtsempha wochokera kumtima, ndipo limafika msanga. Magawo atatu otsalawo amayamba adutsa m'matumbo ndi m'kapamba, n'kufika mochedwa kudzera mumtsempha wina waukulu. Khansa yoyambira m'chiwindi momwemo, imene kawirikawiri imadza pambuyo pa matenda okhalitsa a hepatayitisi B kapena kuuma kwa chiwindi, imamwa makamaka ku ngalande yoyambayo.

Tiyerekeze ndi bambo wolemera makilogalamu 65. Amamuika kanyula pamkono, amagona chagada manja atawakweza kumutu, ndipo amayamba amujambula asanabayidwe. Tinene kuti chiwindi chayeza 55 ndipo chotupa chayeza 45, kusiyana kochepa kovuta kukuona ndi maso. Kenako pampu imakankha mankhwala okwana mamililita pafupifupi 100, pa liwiro la mamililita 3 mpaka 5 pa sekondi. Patapita masekondi pafupifupi 35 amauzidwa kugwira mpweya n'kujambulidwa: chotupa chimene chimamwa ku mtsempha wofulumira chawala, pomwe chiwindi chonse chikadali chotuwa. Pa masekondi pafupifupi 70 amajambulanso, ndipo tsopano chiwindi chakwera kufika cha pa 100 kapena kuposa, pomwe chotupa chija chayamba kuoneka chakuda poyerekeza ndi mnofu wochizungulira. Amabwerezanso patapita mphindi 3 mpaka 5. Kuwala msanga ndi kuzimirira msanga kotereku, mwa munthu amene chiwindi chake n'chodwala kale, ndi chizindikiro champhamvu cha khansa imeneyi.

Komatu sikuti chotupa chilichonse ndi khansa, ndipo mankhwala omwewa ndi amene amachotsa mantha pa zotupa zina. Kathumba ka madzi okhaokha kamayeza pafupi ndi 0 ndipo sikasintha pa zithunzi zonse, popeza mkati mwake simuyenda magazi. Chithupsa cha mafinya chimawala m'mphepete mokha ngati mphete, pakati n'kukhala pakuda. Palinso chotupa chosaopsa chopangidwa ndi timitsempha topiringizana, chimene chimayamba kuwala timadontho m'mbali n'kumadzaza pang'onopang'ono kulowera pakati. Popanda mankhwala, zotupa zimenezi zikhoza kungooneka ngati banga lakuda lofanana, chikhalirecho china chimafunika mankhwala opha tizilombo ndi kuchotsa mafinya, china sichifuna kuchitidwa kanthu.

Muwauziretu bambo zimene adzamve. Mankhwala akangolowa, thupi limatentha kuchokera pakhosi kutsikira kunsi, m'kamwa mumamveka ngati mwaikidwa chitsulo, ndipo ambiri amamva ngati adzikodzera pamene sanatero. Zimenezi zimatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Munthu wamkulu amene sanachenjezedwe amadzidzimuka, amafuna kudzuka kapena amasiya kugwira mpweya, ndipo chithunzi cha masekondi 35 chija chikagwedezeka sichingabwerezedwe popanda kubaya mankhwala ena.

Zofunika kusamala zilipo. Ayodiniyu amatuluka kudzera mu impso, ndipo n'chifukwa chake amayamba ayeza magazi kuti aone kireyatinini, amene amasonyeza mmene impso zikusefera. Impso zabwino zimatulutsa mankhwala ambiri mwa amenewa m'mkodzo tsiku lisanathe, koma ngati ndi zofooka kwambiri, kapena wodwala wauma m'thupi chifukwa chosanza ndi kutsegula m'mimba, dokotala amayamba wamuika dilipi ya madzi kapena kusankha njira ina. Ngati bambo amamwa metifomini wa matenda a shuga, munene, chifukwa ena amauzidwa kumusiya kwa maola 48 atajambulidwa. Munenenso ngati ali ndi mphumu, ngati ali ndi matenda a chithokomiro, kapena ngati mankhwala otere anawawengapo kale. Kuyabwa ndi ziwengo zimachitika kwa anthu ochepa, ndipo kubanika ndi kutupa nkhope n'kosowa kwambiri, koma zikabwera zimabwera m'mphindi zoyambirira. Choncho musathamangire basi ya ku Dedza achipatala asanakuuzeni kuti mukhoza kupita, ndipo kanyula amaisiya dala pamkono kwa kanthawi kuti ngati pafunika mankhwala achangu njira ikhale ilipo kale.

Nthawi zina mankhwala amatayikira kunja kwa mtsempha, ndipo wodwala amamva kuwawa kapena kutentha pamalo pomwe pali kanyula pamene pampu ikukankha. Bambo akamva choncho anene pomwepo, asapirire chifukwa cha ulemu. Mukafika kunyumba mkono n'kumatupirabe, kutuluka matuza kapena zala kuchita dzanzi, kapenanso mkodzo ukachepa kwambiri m'masiku awiri otsatira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula buku lawo lachipatala, ndipo mukanene tsiku limene anabayidwa.